Ndalama yogona ili ndi mtengo wake

Chiwongoladzanja chikakwera, anthu amafuna ndalama zochepa. Munthu amene akumva mawu amenewa koyamba amaseka, ndipo sitingamudzudzule, chifukwa palibe amene anakanapo ndalama ati poti banki yakweza chiwongoladzanja. Vuto lili pa mawu akuti "kufuna". Akatswiri a zachuma akamanena za kufuna ndalama satanthauza kulakalaka kulemera. Amatanthauza funso lina lopapatiza: pa chuma chonse chimene muli nacho kale, ndi gawo lalikulu bwanji limene mwasankha kulisunga lili ndalama zapafupi, zoti mutha kulipira nazo lero lomwe? Ndalama zapafupi ndi za m'thumba, za mu foni, ndi za mu akaunti yotapa nthawi iliyonse. Gawo lotsalalo limakhala lomangika kwinakwake: mwabwereketsa boma, mwatsekera ku banki kwa miyezi isanu ndi umodzi, mwagula masheya. Chuma chanu chikhoza kukhala chomwecho osasintha ngakhale ndi tambala, koma kagawidwe kake n'kusintha. Kagawidwe kameneka ndi kamene kamatsatira chiwongoladzanja.

Amene anaika maganizowa poyera ndi John Maynard Keynes wa ku Britain, m'buku lake lalikulu la mu 1936. Iye asanabwere, ambiri ankaphunzitsa kuti chiwongoladzanja ndi mphoto ya kudziletsa, yoti munthu sanadye zonse lero, wasungako za mawa. Keynes anatsutsa ndi chitsanzo chosavuta kuchikana. Munthu amene wakwirira ndalama mumphika pansi pa bedi wadziletsa ndithu, wasunga ndithu, koma chaka chikatha sapeza kanthu pamwamba pake. Choncho mphotoyo si ya kusunga. Ndi ya kulola kuti ndalama ichoke m'manja mwanu kwa kanthawi, ikakhale pamalo poti simungaitenge msanga popanda kutayapo kena kake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Munthu amakonda ndalama ya pamphuno, ndipo kuti aiike pachala ayenera kulipidwa. Malipiro amenewo ndiye chiwongoladzanja.

Ndimagwirizana naye Keynes pa mfundo imeneyi. Pomwe ndimasiyana ndi momwe nkhaniyi imaphunzitsidwira kawirikawiri ndi apa: ophunzira amaloweza zifukwa zitatu zosungira ndalama, n'kuuzidwa kuti ziwiri zoyamba zimatsatira zimene munthu amapeza, ndipo chachitatu chokha ndiye chimamvera chiwongoladzanja. Zifukwazo ndi kulipira zinthu za tsiku ndi tsiku, kukonzekera zadzidzidzi monga matenda ndi maliro, ndi kudikira kuti mitengo ya zikalata za ngongole isinthe. Chachitatucho ndi chokoma kuchifotokoza, koma si mzati wolimba kwambiri wa nyumbayi. Mzati wolimba ndi wosatchuka: ndalama yogona imataya zimene ikanabereka, ndipo kuidzutsa kulinso ndi mtengo wake. Tiyambe komabe ndi chachitatucho, poti ndi pamene Keynes anaika nzeru zake zambiri.

M'nthawi yake boma la Britain linali ndi zikalata za ngongole zotchedwa makonsolo. Zinalibe tsiku lobwezera mpamba. Wogula ankangolandira ndalama yokhazikika chaka chilichonse, ndipo akafuna mpamba wake ankagulitsa chikalatacho kwa munthu wina pamtengo wa tsikulo. Zinayamba m'zaka za m'ma 1750 ndipo boma linamaliza kuziwombola mu 2015. Ubwino wake pophunzira ndi wakuti masamu ake ndi a mzere umodzi:

```
mtengo = malipiro a pachaka / chiwongoladzanja
```

Tengani chikalata chopereka mapaundi 4 pachaka. Ngati chiwongoladzanja pamsika chili 4 peresenti, chikalatacho chigulidwa mapaundi 100. Chikakwera kufika 5 peresenti, palibe amene angalipire 100 kuti azilandira 4 pomwe kwina 100 yomweyo ikubereka 5. Mtengo utsika mpaka 80, chifukwa 4 ndi 5 peresenti ya 80. Mwini chikalata sanalakwe chilichonse, boma silinaphonye malipiro, koma mapaundi 20 alowa m'madzi. Ameneyo ndi malipiro a zaka zisanu atapita ndi kusintha kumodzi. Amene anasunga mapaundi 100 ake m'thumba akadali nawo onse, ndipo tsopano atha kugula chikalata chomwecho n'kutsala ndi chenji cha 20.

Apa ndiye pali chifukwa chimene munthu wanzeru zake angasungire ndalama yosabereka dala. Sakusunga chifukwa chosadziwa kuti kuli zikalata. Akudikira kuti zitchipe.

Tsopano tiyerekeze kuti munthu wina amakhulupirira kuti chiwongoladzanja "choyenera", kumene msika umabwerera nthawi zonse, ndi 5 peresenti, ndipo chaka chamawa chidzakhala pamenepo. Kwa iye chikalata chija chaka chamawa chidzagulidwa 80, ndipo adzakhala atalandirapo 4. Zonse pamodzi 84. Ndiye lero sangalipire zoposa 84. Mtengo wa 84 ukutanthauza chiwongoladzanja cha pafupifupi 4.76 peresenti. Msika ukakhala pansi pa malire amenewa, zikalata zadula, iye akhala pa ndalama zake. Ukadutsa malirewo, atulutsa ndalama n'kugula. Mnzake amene amakhulupirira kuti choyenera ndi 4 peresenti akuyembekeza 100 kuphatikiza 4, kotero alipira mpaka 104, ndipo malire ake ali cha pa 3.85 peresenti. Chiwongoladzanja chikamakwera kuchokera pansi, chimayamba chadutsa malire a wachiwiriyu, iye n'kusiya ndalama, kenako chidutsa a woyamba uja, nayenso n'kusiya. Pamsika pali anthu zikwizikwi, aliyense ndi malire ake. Chikakwera pang'ono, gulu lina limawoloka. N'chifukwa chake kufuna ndalama kwa dziko lonse kumatsika pang'onopang'ono, ngakhale munthu mmodzi aliyense amadumpha kamodzi kokha. Onani kuti zonsezi zikudalira kusagwirizana maganizo. Anthu onse akanakhala ndi ganizo limodzi, onse akanadumpha tsiku limodzi, ndipo pakanasowa wogulitsa kapena wogula.

Pali kachinthu kena kamene Keynes anakaona, kamene ambiri amakadumpha, ngakhale ndi kamene kamagwira ntchito ngakhale munthu alibe ganizo lililonse la komwe msika ukupita. Malipiro a pachaka ali ngati katsamiro: amakutetezani ngati mtengo wa chikalata wagwa pang'ono. Funso ndi lakuti katsamiroko ndi kokhuthala bwanji. Pa 4 peresenti, chikalata chathu ndi mapaundi 100, ndipo chiwongoladzanja chikangokwera kufika pafupifupi 4.17, mtengo ugwa ndi mapaundi 4, malipiro a chaka chonse n'kufafanizika. Pa 2 peresenti chikalata chomwecho ndi mapaundi 200, ndipo kukwera kufika 2.04 kokha n'kokwanira kudya malipiro a chakacho. Koma pa 10 peresenti chikalatacho ndi mapaundi 40, ndipo chiwongoladzanja chiyenera kupitirira 11 kuti mtengo ugwe kufika 36. Katsamiro kamakula mofulumira kuposa chiwongoladzanja chenichenicho. Chikakhala chotsika, mukulandira zochepa ndipo mwagona pansi pouma. Chikakhala chokwera, mukulandira zambiri ndipo muli ndi potsamira. Mbali zonse ziwiri zikukankhira kumodzi.

Kuchokera apa n'zosavuta kuona msampha umene Keynes anauchenjeza, woti chiwongoladzanja chikhoza kutsika mpaka pamene pafupifupi aliyense asankha ndalama, ndipo banki yaikulu ikathira zina pamsika anthu amangozimeza osagula nazo kanthu. Iye mwini analemba kuti sankadziwa chitsanzo cha zimenezi kufika nthawi imeneyo. Japan inafikitsa chiwongoladzanja chake pafupi ndi ziro mu 1999, America mu Disembala 2008, ndipo mkangano wa msamphawu unadzukanso.

Kufooka kwa kafotokozedwe ka malire kaja kuli pawiri. Koyamba, kakunena kuti munthu aliyense amaika zonse mbali imodzi, ndalama zokhazokha kapena zikalata zokhazokha. Palibe msungichuma wa kampani kapena wa thumba la penshoni amene amachita zimenezo. Kachiwiri, chiwongoladzanja "choyenera" sichinalembedwe pamwala. Chikakhala pa 3 peresenti kwa zaka khumi, amene ankadikira 5 amatopa, n'kuyamba kuona 3 ngati zachibadwa, ndipo chifukwa chawo chokhalira pa ndalama chimasungunuka. Katswiri wa zachuma wa ku America, James Tobin, anakonza zimenezi mu 1958. Iye anati munthu safunika kukhulupirira kuti mitengo igwa. N'zokwanira kuti sakudziwa. Chikalata chikhoza kukwera kapena kugwa, ndipo munthu amene sakonda kugona ndi nkhawa amagawa chuma chake, china kuno china uko. Malipiro a nkhawayo akakwera, amalola kusenzako yochulukirapo. Izi zikufanana kwambiri ndi zimene timaona.

Komabe ndi zikalata za nthawi yaitali zokha zimene zimagwa mtengo chonchi. Chikalata cha boma cha masiku 91 sichigwedezeka kwenikweni: mukadikira miyezi itatu mulandira zonse zimene munalonjezedwa. Ndiye munthu woopa kugwa kwa zikalata zazitali alibe chifukwa chokhalira pa ndalama yosabereka, akhoza kubisala m'zikalata zazifupi n'kumalandirabe kena kake. Pamene pali msika wa zikalata zazifupi, chifukwa chachitatu chija chimafotokoza bwino kusankha pakati pa zazitali ndi zazifupi kusiyana ndi kusankha pakati pa zikalata ndi ndalama za m'manja. Apa ndi pamene ndimati mzati weniweni uli kwina.

Uli mu ndalama zogulira zinthu za tsiku ndi tsiku, zimene buku la m'kalasi limati sizimva chiwongoladzanja. Katswiri wina wa ku America, William Baumol, mu 1952, ndi Tobin yemweyo mu 1956, anasonyeza kuti zimamva. Anaziona ngati katundu wa m'sitolo. Wogulitsa shuga akapikula wambiri kamodzi, mpamba umagona pashelefu. Akamapikula pang'onopang'ono, ndalama zimathera pa thiransipoti. Ndalama zapafupi nazo zili chimodzimodzi.

Tiyerekeze bizinesi imene imalipira K24 miliyoni pachaka, mofanana tsiku ndi tsiku, pa malipiro a antchito, mafuta, lendi ndi zina. Ndalamazo zimadikira pamalo pobereka, ndipo nthawi iliyonse imene mwini wake atapako kuti aike mu akaunti yolipirira, zimamudyera K5,000, kuphatikiza zodula za banki, mafomu ndi theka la tsiku la kalaliki. Akamatapa K2 miliyoni kamodzi pamwezi, akaunti imayamba mwezi ili yodzaza n'kumaphwa mpaka ziro, kotero pakatikati imakhala ndi K1 miliyoni yogona chaka chonse. Pa chiwongoladzanja cha 6 peresenti, kugonako kukumutayitsa K60,000 pachaka, ndipo maulendo 12 akumudyera K60,000 ina. Zonse K120,000, ndipo palibe kagawidwe kena kotchipa kuposa apa.

Tsopano chiwongoladzanja chifike 24 peresenti. Akapitiriza chizolowezi chake, miliyoni yogona ija ikutaya K240,000, kuphatikiza maulendo K60,000, zonse K300,000. Akasintha n'kumatapa K1 miliyoni kawiri pamwezi, yogona itsika kufika K500,000, yotayika K120,000, maulendo 24 K120,000, zonse K240,000. Wapulumutsa K60,000 pongosintha ndondomeko. Akachita changu chopitirira n'kumatapa kanayi pamwezi, maulendo 48 adya K240,000 ndipo abwerera pa K300,000 pomwe paja. Malo otchipa ndi pamene zotayika ziwirizo zalingana, ndipo lamulo lake ndi ili, `b` kukhala mtengo wa ulendo umodzi, `T` zolipira za chaka, `r` chiwongoladzanja cha pachaka, 6 peresenti kulembedwa 0.06:

```
yotapa pa ulendo umodzi = √(2bT / r)
```

Chiwongoladzanja chakwera kanayi, ndalama zapafupi zatsika ndi theka. Palibe amene walosera za mawa, palibe amene waopa kugwa kwa chikalata. Bizinesi ikugula zomwezo, ikulipira antchito omwewo. Ndalama yomweyo ikungozungulira mofulumira. Onaninso kuti kutsikako n'kochepa poyerekeza ndi kukwerako. Amene amayembekeza kuti banki yaikulu ikawonjezera maperesenti awiri ndalama zapafupi ziphwa ngati chithaphwi cha m'chilimwe, masamu awa akumuuza kuti adekhe.

Chofunika kwambiri m'lamuloli ndi `b`, ndipo ndi chimene chimaiwalika. Tengani wapantchito wolandira K200,000 pamwezi, amene amazimaliza mwezi usanathe. Pakatikati amakhala ndi K100,000. Pa 24 peresenti pachaka, kutanthauza 2 peresenti pamwezi, zochuluka zimene angapeze ataiika yonse pobereka ndi K2,000. Ulendo umodzi wa K5,000 wadya kale zoposa phindu. Munthu ameneyu sasuntha, ndipo sikuti ndi umbuli. Wawerengera bwino. Chiwongoladzanja chikhoza kuwirikiza, iye osasintha kalikonse. Amene amasuntha ndi eni ndalama zambiri: makampani a inshuwalansi, matumba a penshoni, mabizinesi aakulu, mabanki enieniwo. Choncho tikamati "anthu" amachepetsa ndalama zapafupi, kwenikweni tikunena za anthu ochepa amene akugwira gawo lalikulu la ndalamazo.

Palinso china. Mtengo wa ndalama yogona si chiwongoladzanja chimene banki yaikulu yalengeza. Ndi kusiyana pakati pa zimene mukanapeza kwina ndi zimene ndalamayo ikupeza pamene ili. Ndalama ya pepala sibereka konse, kotero imamva kukwera konse. Akaunti ya ku banki imabereka pang'ono. Ngati chiwongoladzanja cha zikalata chakwera ndi maperesenti atatu ndipo banki yanu nayo yakweza ndi atatu, palibe chasintha kwa inu. Ngati banki yangokhala chete, mpata wakula ndi atatu, ndipo ndi mpata umenewo umene umakoka ndalama.

America inaonetsa zimenezi poyera posachedwapa. Mu Malichi 2022 banki yaikulu ya dzikolo inayamba kukweza chiwongoladzanja kuchokera pafupi ndi ziro, ndipo pofika Julayi 2023 chinali pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti. Mabanki ambiri akuluakulu anachedwa kukweza zimene amapatsa osunga. Matumba amene amasonkhanitsa ndalama za anthu n'kugula zikalata zazifupi anakweza msanga, ndipo kusamutsira ndalama kumeneko kunali kungodina pa foni, `b` ili pafupi ndi ziro. Ndalama zosungidwa m'mabanki zinatsika, pomwe za m'matumbawo zinapitirira madola 5 thiriliyoni mu 2023. Panalinso zifukwa zina, monga banki yaikulu kuchepetsa zikalata zimene inali nazo, koma komwe ndalama zinalowera n'komwe Baumol akanaloza.

Nkhani ya banki ina ya ku America, Silicon Valley Bank, ikusonyeza mbali zonse ziwiri za chiphunzitsochi zikukumana m'nyumba imodzi. Nthawi imene chiwongoladzanja chinali pansi, bankiyi inalandira ndalama zambiri kuchokera ku makampani a zaukadaulo, n'kuziika m'zikalata zazitali zobereka pang'ono. Katsamiro kaja kanali kopyapyala. Chiwongoladzanja chitakwera, zikalatazo zinagwa mtengo, monga konsolo yathu ya 100 inagwera pa 80. Nthawi yomweyo makasitomala anali kutapa, ena poti mabizinesi awo anasiya kulandira mpamba watsopano, ena poti ndalama yawo ikanabereka bwino kwina. Kutayika kwa papepala kumakhala kwa papepala pokhapokha ngati simukakamizika kugulitsa. Pa 8 Malichi 2023 bankiyo inalengeza kuti yagulitsa zikalata za madola pafupifupi 21 biliyoni n'kutayapo 1.8 biliyoni. Tsiku lotsatira makasitomala anafuna kutapa 42 biliyoni, ndipo pa 10 Malichi inatsekedwa. Za tsiku lomalizalo sizinalinso za chiwongoladzanja, anali mantha. Ndipo mantha ndi mbali ina ya chiphunzitso chomwechi: akagwira anthu, kufuna ndalama zapafupi kumadumpha pa chiwongoladzanja chilichonse, ndipo palibe maperesenti amene angagule munthu wothawa.

Wina atsutsa kuti kwathu kuno sizikuoneka choncho. Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024, koma makwacha ozungulira sanachepe, anthu akunyamula mitolo yokulirapo kuposa kale. Kutsutsaku n'komveka, koma kukuwerenga molakwika. Chimene munthu amafuna si chiwerengero cha mapepala, ndi zimene mapepalawo angagule. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti, mayi wogulitsa tomato amafunika makwacha ochulukirapo ndi 30 peresenti kuti apikule dengu lomwelo. Ngati ndalama zimene anthu akusunga zakwera ndi 20 peresenti yokha m'nyengo yoteroyo, ndiye kuti kufuna ndalama kwatsika, ngakhale mitolo yakula. Njira yoyezera ndi kugawa kuchuluka kwa ndalama ndi mitengo ya zinthu, kenako kuyerekeza ndi kukula kwa malonda. Popanda masitepe awiri amenewa manambala amanama. Amanamanso mwanjira ina: chuma chikamakula, anthu amafuna ndalama zambiri zogulira zinthu, ndipo zimenezo zimakweza chiwongoladzanja, kotero ziwirizi zimaoneka zikukwera limodzi. Si kuti lamulo lasweka. Chinthu chachitatu chakoka zonse ziwiri.

Muyeneranso kufunsa kuti "ndalama" zimene zawerengedwazo ndi ziti. Muyeso wopapatiza umatenga za mapepala ndi za m'maakaunti otapa nthawi iliyonse. Muyeso wotakata umaphatikizapo zotsekera kwa miyezi. Munthu akachotsa K5 miliyoni mu akaunti wamba n'kuitsekera miyezi itatu m'banki yomweyo, wachita ndendende zimene chiphunzitsochi chimanena, koma muyeso wotakata suona kalikonse.

Pomwe chiphunzitso cha Keynes chimachepadi kwathu ndi pa zosankha zake. Iye anaika munthu pakati pa zinthu ziwiri, ndalama ndi chikalata. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata ali ndi zambiri: matumba a simenti, malata, puloti, chimanga chogula nthawi yokolola, madola, banki mkhonde. Mitengo ikamathamanga kuposa chiwongoladzanja, chikalata chimakutayitsani pang'ono, ndalama ya m'thumba imakutayitsani kwambiri, simenti mwina osakutayitsani konse. Amene anali ndi makwacha m'manja pamene ndalamayi inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaphunzira mtengo wa ndalama yogona usiku umodzi, ndipo mtengowo sunalembedwe pa chikwangwani cha banki iliyonse. M'nyengo yotere anthu amathawa kwacha, koma sathawira ku zikalata za masiku 91, 182 kapena 364. Amathawira ku hadiweya. Mzimu wa chiphunzitsocho ukadalipo, woti ndalama imasiyidwa pamene kuisunga kwadula, koma chimene chikuidulitsa ndi mitengo ndi mphekesera za dola.

Izi zili ndi tanthauzo kwa opanga ndondomeko, ndipo ndi pamene ndikuona kuti timalakwitsa. Kukweza chiwongoladzanja kumakoka ndalama pokhapokha ngati kukwerako kwafika kwa wosunga. Kukafika kwa wobwereka yekha, ngongole n'kudula koma akaunti yosungira n'kumaperekabe maperesenti ochepa, ndiye kuti mpata umene munthu wamba akuuona sunasinthe. Amene ali ndi njira yofikira zikalata za boma adya bwino, boma lilipira zambiri pa ngongole zake, ndipo ndalama za m'misika zipitiriza kuthamangira katundu. Amene akufuna kuti chida chimenechi chilume ayang'ane `b`: ndalama yochepetsetsa yoyambira, mafomu, mtunda wokafika ku nthambi, masiku odikira kuti ndalama ibwerere. Kenya inayesapo mu 2017 kugulitsa zikalata za boma kudzera pa foni, munthu kuyamba ndi mashilingi 3,000. Ganizo lake linali lomweli, kutsitsa mtengo wa kuwoloka, ngakhale ogula sanachuluke monga ankayembekezera, zomwe zikusonyeza kuti m'kati mwa `b` mulinso kukhulupirira ndi kuzolowera, osati zodula za banki zokha.

Chomaliza chimene chimasokoneza ophunzira ndi chakuti ndalama siisowa. Inu mukagula chikalata, ndalama yanu yapita kwa wogulitsa, ndipo tsopano ndi iye amene waigwira. Ndalama iliyonse imene ilipo ili m'manja mwa wina wake. Ndiye ngati onse akufuna kuichepetsa, imapita kuti? Yankho la Keynes ndi lakuti siipita kulikonse, chimene chimasuntha ndi mtengo. Onse akathamangira zikalata, zikalata zimadula, chiwongoladzanja chimatsika, mpaka anthu avomere kugwira ndalama zonse zimene zilipo. Kuti chiwongoladzanja chikhale pamwamba, payenera kukhala wina woyamwa ndalamazo, ndipo ameneyo ndi banki yaikulu. Imagulitsa zikalata, ogula amalipira, ndalama zija n'kuchoka m'mabanki. Masiku ano mabanki aakulu ambiri amayamba alengeza chiwongoladzanja chimene akufuna, kenako n'kumayamwa kapena kuthira ndalama mpaka msika ukhale pamenepo. Ngati dzanja lina la boma likuthira ndalama zatsopano polipira ngongole ndi mabilu ake pomwe dzanja ili likuyamwa, chiwongoladzanja cholengezedwa chimakhala pamwamba koma mabanki amakhalabe odzaza. Chizindikiro chake chimaoneka pa chiwongoladzanja chimene mabanki amabwereketsana okhaokha usiku umodzi: chikamatsetsereka kutsika pansi pa cholengezedwa, ndalama zachuluka kuposa zimene msika ukufuna kugwira pa mtengo umenewo.